Tsamba la nthochi lipita mulu uti?

M'sukulu zambiri za mkombaphala ndi m'makalasi a Sitandade 1 mumapezeka chitini chodzaza zitsekerero za mabotolo, pena ndi jumbo ya timiyala pambali pake. Aphunzitsi athu adaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, njira imene amaidziwa ndi dzina loti TALULAR, ndipo zitsekererozo zimagwira ntchito yaikulu pophunzitsa kuwerengera. Koma zikafika pa masewera oika zinthu m'magulu, nthawi zambiri nkhani imathera pa mtundu basi. Mlezi amati zofiira apa, zobiriwira apo, ana n'kuunjika, onse n'kuwomba m'manja, chitini n'kubwerera pakona.

Masewerawo si olakwika, koma amaima pamene phindu lake likadayambira. Sayansi ya m'masewerawa ili m'lamulo limene mwana watsata poika chinthu apa osati apo: kodi angalinene ndi pakamwa pake, kodi likugwira pa chinthu chilichonse cha pamphasapo, kodi angalisiye n'kutsata lina, nanga atani akakumana ndi chinthu chokana kulowa mulu uliwonse? Mwana amene wauzidwa kale magulu ake wangomvera. Amene wadzipezera lamulo n'kuliteteza wayamba kuganiza momwe oona za zomera ndi za miyala amaganizira.

Kukonza mulu woyambira

Ntchito yaikulu ya munthu wamkulu imachitika ana asanakhale pansi, chifukwa zimene mwasankha kuika pamphasa ndizo zimalamula zimene mwana angathe kuganiza. Tiyerekeze kuti mwatola zitsekerero khumi, zisanu zofiira zachitsulo ndi zisanu zobiriwira zapulasitiki. Mwana azigawa pawiri mosavuta, koma simungadziwe ngati watsata mtundu kapena chimene zinapangidwira, popeza malamulo onse awiri akupereka milu yofanana. Ndipo mukamupempha kuti agawe mwanjira ina, palibe njira ina imene mwamusiyira.

Mulu wabwino umapingasa zizindikiro. Tengani zitsekerero 16: zinayi zofiira zachitsulo, zinayi zofiira zapulasitiki, zinayi zobiriwira zachitsulo, zinayi zobiriwira zapulasitiki. Tsopano pali njira ziwiri zoona zogawira, ndipo iliyonse ikupereka milu yosiyana ndi inzake. Mwana akagawa, manja ake akuuzani chimene maso ake agwira, ngakhale asanayankhule. Mwana wa zaka zitatu muchepetsereni, zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu zikwana. Wa zaka zisanu angathe 16 kapena 20. Mukataya chitini chonse pamphasa, ana amayamba kulimbirana ndi kukokera kwawo, ndipo lamulo limasowa m'phokosomo. Gulu la ana anayi kapena asanu pa mulu umodzi, kwa mphindi 10 kapena 15, ndi muyeso umene umayenda bwino.

Potola zinthuzi pafunika maso a munthu wamkulu. Chitsekerero ndi kamwala zimatha kutsamwitsa mwana wosakwana zaka zitatu, choncho makanda okwawa asakhale pafupi, ndipo zonse ziwerengedwe pobweza m'chitini. Zitsekerero zachitsulo zadzimbiri kapena zopindika mano muzitaye, zotsalazo muzitsuke ndi sopo. Ku masamba, nkhadze isayandikire n'komwe, chifukwa utomoni wake umawononga maso. Chitedze aliyense akuchidziwa. Nsatsi musiye pamodzi ndi njere zake, zomwe ndi poizoni, ndipo masamba a chinangwa, ngakhale ali ndiwo akaphikidwa, aawisi sayenera kulowa m'kamwa. Lamulo limodzi la pamphasa linenedwe tsiku lililonse: timaona, timagwira, timanunkhiza, sitilawa.

Funso loyamba, ndi zimene mwana angachite nalo

Mawu oyambira akhale ochepa: "Ika pamodzi zomwe zikuyenderana." Musatchule mtundu, musatchule kukula. Kenako khalani chete, ngakhale lilime likuyabwa.

Mwana wamng'ono kwambiri angakudabwitseni. M'malo mwa milu, andandika zitsekererozo kukhala njoka kapena sitima, kapena amanga nyumba, chofiira chili denga, kamwala kali chitseko. Ena amayamba bwino, zofiira zitatu motsatana, kenako pofika pa chofiira chachitsulo amatembenukira ku zachitsulo, mzere n'kumapitirira ndi lamulo latsopano osazindikira kuti asintha. Jean Piaget ndi Bärbel Inhelder, akatswiri a ku Geneva amene adalemba buku la nkhaniyi mu 1959, adaona zomwezi pa ana ambiri ndipo adazitenga kukhala gawo loyamba la kuphunzira kuika m'magulu. Mwana wotero akuona kufanana kwa chinthu ichi ndi choyandikana nacho, koma sadafike posunga lamulo limodzi m'mutu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Musamuphwasulire sitima yake. Muthandizeni ndi mbale ziwiri, m'mbale iliyonse muikemo chitsanzo chimodzi, kenako muzimupatsa chitsekerero chimodzichimodzi kuti asankhe kwake.

Kwa amene wapanga milu, funso lotsatira ndilo mtima wa masewera onse: "Izi waziika pamodzi chifukwa chiyani?" Yankho loti "basi" kapena "ndi zanga" lisakukhumudwitseni. Tengani chitsekerero china m'thumba, mum'patse, mufunse kuti ichi chipita kuti. Akachiika pamalo oyenera osazengereza, lamulo ali nalo, mawu okha ndiwo akumusowa, ndipo mungamubwereke: "Oo, waika zolira ngwee ukaziponya pansi mbali iyi, zosalira mbali iyo." Akachiika paliponse, ndiye kuti miluyo idangochitika.

Vuto limene limabwera kawirikawiri, ngakhale kwa akuluakulu, ndi la malamulo osakanikirana. Mwana amapanga milu itatu n'kunena kuti uwu ndi wa zofiira, uwu wa zachitsulo, uwu wa zazikulu. Pakamwa zikumveka bwino, koma magulu atatuwa ayankha mafunso atatu osiyana. Njira yomuonetsera si kumuuza kuti walakwa. Mupatseni chitsekerero chachikulu, chofiira, chachitsulo. Dzanja lake lizungulira pamwamba pa milu yonse itatu, ndipo kuzengereza kumeneko n'kwamtengo wapatali kuposa milu khumi yolondola. Akatero mufunseni kuti tifunse funso limodzi liti kwa zonsezi. Magulu abwino amadziwika ndi zinthu ziwiri: chinthu chilichonse chili ndi kwake, ndipo palibe chokhala ndi kwake kuwiri.

"Chachikulu" ndi "chaching'ono" ali ndi msampha wawo. Mukagawa miyala motero, pamatsala ina yapakati imene ana amakanganirana osatha, poti palibe malire. Sankhani mwala umodzi ukhale muyeso, muuike pakati: woposa uwu kumanja, wochepera uwu kumanzere. Kapena boolani bowo pa katoni, wodutsa ndi wosadutsa. Apa mwana walawa koyamba chifukwa chimene anthu amayezera zinthu.

Kusintha lamulo

Milu itakhazikika ndipo mwana wanena lamulo lake, sakanizaninso zonse n'kunena kuti: "Tsopano gawa mwanjira ina." Pano ndi pamene msinkhu umaonekera poyera. Katswiri wina wa kakulidwe ka ana, Philip Zelazo, adakonza kayesedwe kodziwika bwino ka makadi okhala ndi akalulu ndi maboti, ofiira ndi abuluu. Mwana amayamba kugawa potsata mtundu, kenako amauzidwa kuti tsopano tigawa potsata chithunzi. Ana ambiri a zaka zitatu amapitiriza ndi lamulo lakale, ngakhale atakumbutsidwa latsopano khadi lililonse lisanaikidwe. Chodabwitsa n'chakuti ukawafunsa kumene akalulu akupita m'masewera atsopanowa amaloza molondola, koma dzanja limakaikabe khadilo kwakale. Pofika zaka zisanu ambiri amasintha mosavuta.

Ndikutchula zimenezi chifukwa mwana wotere kwathu kuno amafulumira kutchedwa wosamva kapena wamakani. Si makani. Kuletsa chizolowezi chimene changokhazikika kumene ndi luso limene ubongo umakula nalo pang'onopang'ono, ndipo kukalipa sikulifulumizitsa. Chimene chimathandiza ndi kupumira pakati, kuchotsa mbale zakale n'kubweretsa zina, kapena kusintha chiwalo chogwiritsa ntchito. Ngati poyamba anagawa ndi maso potsata mtundu, ikani zitsekererozo m'thumba lansalu, apise dzanja osaona, atulutse za mano ndi zosalala. Mtundu ukabisika, lamulo lakale limasowa pogwira.

Ana a zaka zisanu kupita m'tsogolo amakonda kwambiri masewera obisa lamulo. Lembani bwalo pansi ndi kamtengo. Inu khalani ndi lamulo mumtima, mwachitsanzo miyala yosalala yokha, ndipo muike iwiri m'bwalomo ndi iwiri kunja. Mwana aliyense atenge mwala, anene kumene akuganiza kuti upita, inu muvomere kapena mukane, osafotokoza. Posakhalitsa wina afuula kuti, "Aphunzitsi, ndadziwa, ndi yoyera!" popeza nsangalabwi ziwiri zoyambazo zinali zoyera. Musamuuze ngati walondola. Mufunseni kuti ndi mwala uti umene ungatithandize kutsimikiza. Ambiri amatola mwala wina woyera wosalala, umene ulowa ndithu koma suphunzitsa kanthu. Woganiza mozama amatola woyera wokhakhala, kapena wakuda wosalala, mwala umene ungagwetse ganizo lake. Kufunafuna dala chinthu chimene chingakutsutse ndi khalidwe limene ngakhale ophunzira a ku sekondale ambiri alibe, ndipo lingayambire pa bwalo la m'fumbi. Kenako mwana ndiye abise lamulo, inu mulote.

Pali funso lina la Piaget limene mungayese, koma mongofuna kumvetsa mwana, osati momuyesa mayeso. Ikani zitsekerero khumi zapulasitiki, zisanu ndi zitatu zofiira, ziwiri zoyera. Mwana avomereza kuti zonse ndi zapulasitiki. Mukafunsa kuti zambiri ndi ziti, zofiira kapena zapulasitiki, ana ambiri osakwana zaka zisanu ndi ziwiri amati zofiira, chifukwa m'mutu mwawo akuyerekeza zofiira ndi zoyera. Kuona gulu laling'ono lili m'kati mwa gulu lalikulu nthawi imodzi kumabwera mochedwerapo, ndipo ofufuza a pambuyo pake adaonetsa kuti kafunsidwe kake nakonso kamasokoneza ana. Musalikakamize. Ingozolowerani kunena zinthu monga "bonongwe ndi ndiwo, ndiponso ndi chomera" pamene mukusewera.

Gulu loyesedwa m'beseni

Mtundu umaoneka ndi maso, koma zizindikiro zina zimafuna kuti uchitepo kanthu kaye. Apa masewera amasanduka kuyesa. Tengani beseni la madzi ofika m'mfundo ya chala chapakati, osaposa, ndipo wamkulu asachokepo. Ana asanaponye kanthu m'madzi, agawe zinthu ziwiri: zimene akuganiza kuti zimira ndi zimene akuganiza kuti ziyandama. Kulosera kumeneku kusadumphidwe, chifukwa popanda iko palibe chodabwitsa chimene chingachitike.

Kawirikawiri ana amati zachitsulo zimira, zapulasitiki ziyandama. Woyamba aponya chachitsulo, chimira, onse akondwa. Ndiye mwana wina wodekha aika chake pang'onopang'ono, mano ali m'mwamba, ndipo chikhala pamwamba pa madzi osamira. Mkangano ubuka pomwepo, wina akuti wabera. Palibe wabera. Chitsekerero chagadama chimasunga mpweya m'kati mwake ndipo chimakankha madzi okwanira kuchinyamula, monga zimachitikira ndi sitima yachitsulo ya Ilala pa nyanja. Mukachidonthezera madzi mpaka kudzaza, chimira. Chapulasitiki, ngakhale muchikankhire pansi penipeni, chimabwerera pamwamba, poti pulasitiki wa zitsekerero ndi wopepuka kuposa madzi a muyeso womwewo.

Mwana wa zaka zisanu safunika kufotokozeredwa zonsezi. Chimene akufunika kuona n'chakuti yankho lasintha chifukwa cha kaikidwe, choncho tiyenera kugwirizana kaikidwe kamodzi. Afunseni kuti tichite bwanji kuti pasakhale wodandaula. Njira imene imathetsa mkangano ndi yoti chilichonse tichikankhire pansi ndi chala kenako tichisiye. Magulu atsopano akhala "zobwerera" ndi "zotsala pansi", ndipo chitsekerero chachitsulo chapeza kwake kumodzi.

Maginito amabweretsa phunziro lofanana nalo. Kuseri kwa sipika ya wailesi yakufa kumakhala maginito aakulu okwanira ntchitoyi. Timaginito ting'onoting'ono musapatse ana, tikamezedwa timavulaza matumbo. Zitsekerero za mano za mabotolo agalasi zimamatirira, zapulasitiki ayi, ndipo ana amagamula msanga kuti maginito amagwira chitsulo chilichonse. Mukhale mutabisa chitsekerero chopota cha aluminiyamu, cha mtundu umene umapezeka pa mabotolo ena a mankhwala a madzi, chotsukidwa bwino. Chimawala, chimazizira m'manja, chimaoneka chitsulo, koma maginito sachigwira. Gulu la "zachitsulo" lagawika pawiri ana akuona.

Miyala nayo imayesedwa. Sakanizani nsangalabwi za kumtsinje, miyala ya kwale, zidutswa za njerwa, phale la mphika ndi choko, ndipo ana azikande ndi chikhadabo kenako ndi msomali, wamkulu ali pomwepo. Choko chimakandika ndi chikhadabo, njerwa zambiri zowotcha kumudzi zimakandika ndi msomali, koma nsangalabwi yoyera ija msomali suilowa. Chenjerani apa: msomali umasiya mzere wotuwa pa mwala wolimba, ana n'kumati wakandika. Pukutani ndi chala chonyowa. Mzere ukachoka, ndi msomali umene waperesedwa, osati mwala. Kuyesa kulimba pokanda ndi njira yeniyeni ya akatswiri a miyala, imene Friedrich Mohs adaiika pa muyeso wa 1 mpaka 10 mu 1812.

Masamba khumi ndi awiri

Masamba ndiwo olemera kuposa zonse, chifukwa gulu lake labwino limakuuza zinthu zimene sunazione. Nachi chitsanzo chimene mungachite ndi ana a zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene zomera zili paliponse. Thyolani m'mawa womwewo, poti masamba ofota amapindika n'kubisa maonekedwe ake. Tengani awa: la chimanga, la mapira, la nsungwi, la udzu wamba, la nzimbe, la mango, la gwafa, la bonongwe, la nkhwani, la kholowa, la mandimu, ndi chibenthu cha tsamba la nthochi chokhala ndi msana wake. La nzimbe limacheka m'mphepete, choncho lidulireni lalifupi ndipo muwachenjeze.

Kugawa koyamba kumakhala kwa moyo wa pakhomo. Ana ambiri aika bonongwe, nkhwani ndi kholowa pamodzi n'kunena kuti izi ndi ndiwo, zinazi ayi. Lamulo limeneli ndi loona ndipo lilemekezedwe. Mwana amene amathandiza amayi ake kusadzula nkhwani amadziwa kale za masamba kuposa momwe buku la Sitandade 1 limaganizira. Koma muonetseni malire ake mofatsa: kwa mbuzi, ndiwo ndi ziti? Lamulo la ndiwo likunena za wodya, osati za tsamba. Tsopano tifune lamulo limene mlendo wosadziwa zakudya zathu angatsate pongoyang'ana.

Kugawa kwachiwiri kumabweretsa aatali ndi ozungulira, aubweya ndi osalala, onunkhira ndi osanunkhira. Onse ndi abwino, ndipo lililonse lili ndi tsamba lake lovuta. La mango ndi lalitali kapena ayi? Poyerekeza ndi la nkhwani ndi lalitali, poyerekeza ndi la chimanga ndi lalifupi. Asiyeni akangane pang'ono.

Kenako auzeni atembenuze tsamba lililonse, aliyang'ane kumsana, kapena alikweze kumene kukuchokera kuwala, osayang'ana dzuwa lenilenilo. Aona mitsempha. M'tsamba la chimanga, mapira, nsungwi, udzu ndi nzimbe, mitsempha imayenda mondondozana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. M'la mango, gwafa, bonongwe, nkhwani, kholowa ndi mandimu, imachita nthambi, nthambizo n'kuchitanso tinthambi tolumikizana ngati ukonde. Amene maso awo sakugwira bwino aike pepala pamwamba pa tsamba logadamiza n'kupaka ndi khala kapena pensulo chogoneka, mitsempha ituluka papepalapo. Milu iwiri yapangika, wina wa masamba asanu, wina wa asanu ndi limodzi.

Latsala la nthochi, ndipo mwalisunga dala. Lili ndi msana waukulu pakati, mitsempha n'kumachoka pamsanapo kupita m'mbali, monga la mango. Ana ambiri aliika ku mango. Wina atsutsa kuti mizere yake ndi yowongoka ngati ya chimanga. Onse awiri aona zoona, ndiye pafunika njira yoweruzira. Afunseni chimene chimachitikira masamba a nthochi kukawomba mphepo. Aliyense akudziwa kuti amang'ambika n'kukhala nsanza zowongoka. Ndiye ng'ambani onse. La chimanga ling'ambika mzere wowongoka, la nsungwi chimodzimodzi, la nthochi chimodzimodzi motsata mitsempha yake. La mango ndi la gwafa ling'ambika mokhotakhota, chifukwa mitsempha yolukana imatchinga njira. Nthochi yapita kwa chimanga, ndipo milu yakhala isanu ndi limodzi mbali iliyonse. Chofunika kuposa yankholo n'chakuti lamulo lanoledwa. Poyamba linali "mizere yopita kunsonga", tsopano ndi "mitsempha yondondozana yosalukana, kaya ikuloza kuti". Pemphani mwana mmodzi alinene m'mawu ake, ena amukonze.

Tsopano funsani za chinthu chimene sichili pamphasa: kodi mizu ya magulu awiriwa ndi yofanana? Pitani kuseri kwa kalasi, muzule udzu ndi kachimanga komera pa dzala, muzulenso bonongwe ndi chisoso, mutsuke dothi. Udzu ndi chimanga zili ndi mizu yambiri yopyapyala yochokera malo amodzi. Bonongwe ndi chisoso zili ndi muzu umodzi waukulu wolowa pansi, timizu tikuchokera m'mbali mwake. Pa ntchito iyi zulani zomera zochokera ku mbewu zokha. Mbatata ndi chinangwa zimabzalidwa ndi mphesi ndi mitengo, choncho mizu yake siionetsa muzu waukulu uja ndipo ingosokoneza ana.

Chizindikiro chachitatu chili m'mbewu. Viikani nyemba, mtedza, chimanga ndi mapira usiku wonse. M'mawa, nyemba ndi mtedza zikasendedwa khungu zimagawika pawiri zokha, pomwe chimanga ndi mapira sizigawika. Mitsempha yolukana, muzu umodzi waukulu ndi mbewu yogawika pawiri zimayendera limodzi, ndipo mitsempha yondondozana, mizu yambiri ndi mbewu yosagawika zimayenderanso limodzi. Uku ndi kugawa kwenikweni kwa zomera zamaluwa kumene John Ray wa ku Mangalande adakufotokoza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndipo ana adzakumana nako m'mabuku akadzakula. Maina ake a m'buku angadikire. Pakadali pano "a kwa chimanga" ndi "a kwa nyemba" akwana.

Apa ndi pamene kusiyana kwa malamulo kumaonekera. Kugawa masamba potsata kukula sikukuuza china chilichonse za chomeracho. Kugawa potsata mitsempha kumakulola kulosera mizu usanakumbe. Yesani pomwepo: patsani mwana tsamba la therere kapena la mpunga limene silinali pamphasa, anene mizu yake idzakhala yotani, kenako akazule aone. Akalondola, nkhope yake ikuuzani kuti wamva mphamvu ya lamulo. Akaphonya, mubwerere limodzi ku tsamba kukaona chimene chinamusokeretsa, ndipo kawirikawiri mupeza kuti anayang'ana kutalika kwa tsamba m'malo mwa mitsempha. Tsamba la bulugamu ndi labwino poyesa zimenezi, poti ndi lalitali ndi lopyapyala koma ndi la kwa nyemba.

Musauze ana kuti lamuloli silephera, chifukwa limalephera, ndipo cholephereketsa chake chili m'dimba momwemo. Koko ndi chilazi ndi za kwa chimanga pa ubale wake, koma masamba ake ndi otambalala ndipo mitsempha yake imachita nthambi. Mwana akabwera ndi tsamba la koko, musalibise kapena kulikankhira mulu umene silikukwana. Ligwireni inu nokha, poti madzi ake amayabwa, ndipo mulembe bwalo lachitatu pansi la "zomwe sitinagwirizane". M'bwalo limeneli mulowanso tsamba la nyemba pamene ana ayamba kukangana ngati ndi limodzi kapena atatu. Pa mkangano umenewo yankho lilipo: ayang'ane pamene phesi likulumikizana ndi tsinde, apeza kamphukira, koma patsinde pa timasamba titatu tija palibe, kutanthauza kuti tonse titatu ndi tsamba limodzi. Masamba a m'bwalo lachitatuli apanikizeni pakati pa nyuzipepala, muike njerwa pamwamba, musinthe nyuzipepalayo ikanyowa. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amakhala atauma, ndipo mungawatulutsenso pamene ana apeza chizindikiro china choti ayesere.